Mabini 100 omwe mayi wina anatsala pang'ono kugula chifukwa cha ine

Pali nambala yomwe mpaka pano ndikaikumbukira ndimachita manyazi: K500,000. Ndinailemba ndekha, mu mojulo yowerengetsera yomwe ndinapangira kampani ina yaing'ono yotola zinyalala m'makomo mu Blantyre. Inali pamwamba penipeni pa dashibodi, mu zilembo zazikulu zobiriwira, ndipo pansi pake ndinalembapo `CLV`, kutanthauza ndalama zomwe kasitomala mmodzi adzabweretse kuyambira tsiku lomwe walowa mpaka tsiku lomwe adzachoke. Manambala omwe ndigwiritse ntchito pano ndawasalaza pang'ono kuti asavute kutsatira, koma masamu ake ndi omwewo.

Bizinesi yake ndi yosavuta kuimvetsa. Nyumba imalipira K10,000 pamwezi, lole imabwera kamodzi pasabata, zinyalala zimapita kumtaya wa ku Mzedi. Mwini wake ndi mayi wina yemwe anayamba ndi kalole kamodzi kobwereka, ndipo zonse ankalemba m'kope la chikuto cholimba. Ine anandiitana kuti zam'kopezo zilowe mu kompyuta.

## Kumayambiriro a Malichi, mu ofesi yawo

Ndinapita ndi laputopu ndili wonyada. Ndinawaonetsa kuti Febuluwale anauyamba ndi nyumba 400 ndipo anaumaliza ndi nyumba 392. Ndinagawa 392 ndi 400, n'kupeza 98 peresenti. Ndiye kuti pa nyumba 100 zilizonse, ziwiri zokha ndi zomwe zimachoka pamwezi. Ngati zili choncho, kasitomala mmodzi amakhala miyezi 50, ndipo miyezi 50 ya K10,000 ndiye K500,000 ija.

Maso awo anawala. Iwo anali ndi ganizo kale loti pa kampeni yotsatira, aliyense wolembetsa azimupatsa bini yaulere ya K35,000, ndipo ejenti womubweretsa azilandira K5,000. Kuwononga K40,000 kuti upeze K500,000, ndani angakane? Anatenga foni kuti ayimbire wogulitsa mabini, aitanitse 100 oyambirira.

Asanayimbe anaima kaye, n'kuiyika foni patebulo.

"Achimwene, mukuti mwezi wathawu zachoka nyumba zisanu ndi zitatu zokha?"

"Ndi zomwe kompyuta ikunena, mayi."

"Kompyuta yanuyo sinapiteko ku Chilomoni. Mumsewu umodzi wokha uja wa kuseri kwa tchalitchi ndataya nyumba zisanu ndi imodzi. Dalaivala akudutsa osaima."

Anatulutsa kope lija mu dulowa, n'kuyamba kuwerenga maina omwe anawadula ndi cholembera chofiira. Ndinkawerenga nawo chamumtima, ndipo titadutsa 20 ndinasiya kuyang'ana pa laputopu. Anathera pa 48.

## Makasitomala atsopano anabisa omwe anachoka

Cholakwa changa chinali cha mwana wa sitandade 5. Mu Febuluwale munalowa nyumba zatsopano 40. Nyumba 48 zinachoka, 40 n'kulowa, ndipo chiwerengero chonse chinangotsika ndi 8. Ine ndinayeza madzi omwe ali mu ndowa, osaona kuti ndowayo ikudontha pansi uku wina akuthiramo pamwamba.

Funso lenileni ndi ili: mwa anthu omwe tinali nawo pa 1 mwezi, ndi angati omwe adakalipo pakutha pa mweziwo? Atsopano alibe gawo pa funso limeneli chifukwa pa 1 mwezi panalibe. Fomula yomwe imapezeka paliponse ndi iyi, pomwe `S` ndi oyamba nawo, `E` omaliza nawo, ndipo `N` ndi atsopano:

```
retention = (E - N) / S
          = (392 - 40) / 400
          = 0.88
```

Ndiye 88 peresenti, osati 98. Ochoka ndi 12 peresenti, yomwe ndi 48 ija ya m'kope.

Komabe fomula imeneyi sindinaiike mu mojulo momwe ilili, chifukwa nayonso ili ndi pobisalira. Tiyerekeze kuti pali nyumba zomwe zinasiya mu Novembala n'kubweranso mu Febuluwale. Zimenezi si zatsopano, ndiye sizilowa mu `N`, koma zili mu `E`, ndipo zimakweza nambala ngati kuti zinalipo nthawi yonseyi. Njira yomwe siinama ndi yoyerekeza mindandanda iwiri ya maina, osati ziwerengero zitatu:

```python
def retention_rate(start_ids, end_ids):
    if not start_ids:
        return None
    return len(start_ids & end_ids) / len(start_ids)
```

Mutenga mndandanda wa pa 1 mwezi ndi wa kumapeto, n'kuwerenga okhawo omwe akupezeka monsemo. Mwanjira imeneyi yankho silingadutse 100 peresenti. Imeneyi ndi njira yachidule yodziwira mojulo yodwala: tsiku lomwe idzakuonetsani 103 peresenti ya makasitomala otsala, dziwani kuti ikuwerengera atsopano. Yanga ikanandionetsa zoposa 100 mu Januwale ndikanakhala kuti ndinayang'ana, chifukwa mwezi umenewo maejenti anabweretsa nyumba 100.

Ntchito yomwe inanditengera masiku ambiri si fomula ayi, koma kugwirizana kuti "kasitomala" ndi ndani komanso "kuchoka" n'chiyani. Poyamba ndinkazindikira kasitomala ndi nambala ya foni yomwe walipirira. Koma nyumba imodzi mwezi uno alipira bambo pa Airtel Money, mwezi wamawa alipira mayi pa Mpamba, ndipo pulogalamu inkaona ngati wina wachoka, wina walowa. Tinapereka nambala kwa nyumba iliyonse, mafoni n'kumangowakoloweka pansi pake. Za kuchoka tinagwirizana kuti nyumba yomwe yadutsitsa masiku 15 osalipira ndiye yachoka, chifukwa ambiri amadikira malipiro ndipo amalipira pa 5 kapena pa 8. Zotsatira zake n'zakuti nambala ya Febuluwale siikhazikika mpaka pakati pa Malichi, ndipo dashibodi imayenera kunena zimenezi poyera.

## Chifukwa chomwe 10 peresenti inasandukira mazana a masauzande

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe ndinaphunzira kuopa fomula ya `CLV`.

Ngati mwezi uliwonse gawo lomwelo la makasitomala limachoka, nthawi yomwe kasitomala amakhala imapezeka pogawa 1 ndi gawo la ochokawo. Pa 2 peresenti, 1 kugawa ndi 0.02 ndi miyezi 50. Pa 12 peresenti, 1 kugawa ndi 0.12 ndi miyezi 8.3. Kusiyana kwa 98 ndi 88 kumaoneka kochepa pamaso, koma moyo wa kasitomala wafupika kasanu ndi kamodzi. Chomwe chimalamula ndi kanambala kakang'ono ka pansi pa mzere. Ndipo mukamayandikira 100 m'pamene chimapengera: kuchoka pa 88 kufika pa 89 kumangowonjezera miyezi kuchoka pa 8.3 kufika pa 9.1, koma kuchoka pa 98 kufika pa 99 kumaikweza kuchoka pa 50 kufika pa 100. Pa nyumba 400, imeneyo ndi nkhani ya nyumba zinayi zokha zomwe kalaliki waiwala kuzidula.

Cholakwa changa chachiwiri chinali K10,000 ija. Ndalama imeneyo si ya mayiwo yonse. Tinakhala pansi ndi malisiti: dizilo, matumba, malipiro a anyamata okweza zinyalala, ndalama yolowera kumtaya, ndi kandalama komwe kamadulidwa pa malipiro a pafoni. Titagawa ndi chiwerengero cha nyumba, zinakwana K6,000 pa nyumba iliyonse pamwezi. Lendi ya ofesi ndi malipiro a mlonda sitinaziikemo, chifukwa zimenezo sizisintha nyumba imodzi ikalowa kapena ikachoka. Phindu lotsala ndi K4,000.

```
CLV = margin / (1 - retention)
    = 4000 / 0.12
    = 33333
```

Kuchoka pa K500,000 kufika pa K33,333. Bini ndi ejenti ndi K40,000. Nyumba iliyonse yatsopano ikanawaluzitsa ndalama pafupifupi K7,000, ndipo akanakhala akusangalala kuti bizinesi ikukula.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba pa minibasi ndili chete. Mayiwo sanandikalipire. Anangoti, "Pitani mukakonze, kope lilipo." Mwina akanakalipa zikanandipepukira.

## Koma 88 nayonso inali kunama

Ndikanatha kulekera pamenepo, ndipo ambiri amalekera pamenepo. Chomwe chinandibweza ndi maina 48 aja. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti 30 mwa iwo anali a nyumba 100 zomwe zinalowa mu Januwale. Mwa nyumba zakale 300 munachoka 18 zokha. Ndiye kuti atsopano anatsala 70 peresenti, akale anatsala 94 peresenti, ndipo 88 ndi nambala yomwe siikufotokoza gulu lililonse mwa awiriwa. Zili ngati kunena kuti mwana wa chaka chimodzi ndi agogo a zaka 79, aliyense ali ndi zaka 40.

Nambala yosakaniza chonchi imayenda ndi kampeni. Mwezi wotsatira kampeni yaikulu imatsika chifukwa atsopano achuluka, kenako imakwera yokha popanda chomwe mwasintha. Mwini bizinesi akhoza kuchotsa dalaivala wosalakwa, kapena kuyamikira wina yemwe sanachite kanthu.

Choncho ndinaganiza zotsata gulu la Januwale lokhalo, nyumba 100 zomwe zinalowera limodzi, mwezi ndi mwezi. Zinafunika kudikira mpaka pakati pa Julayi. Zomwe zinalipira zinali motere: Januwale 100, Febuluwale 70, Malichi 58, Epulo 52, Meyi 49, Juni 46.

Gawani mwezi uliwonse ndi wam'mbuyo mwake, muona 70 peresenti, kenako 83, kenako 90, kenako 94, ndi 94 kachiwiri. Gulu likamakula, otsala amakhala okhazikika. Poyamba ndinaganiza kuti anthu amazolowera n'kuyamba kuikonda ntchitoyo. Mwina pang'ono. Koma Peter Fader ndi Bruce Hardie, mu pepala lawo la 2007 lokhudza kulosera za makasitomala otsala, anaonetsa kuti kukwera kotereku kumatha kuchitika ngakhale pasakhale munthu mmodzi yemwe wasintha maganizo. Gulu limangosefedwa. Omwe analembetsa chifukwa ejenti anawakakamira pageti amachoka msanga. Alendi omwe anali pafupi kusamuka amachoka. Otsala ndi aja omwe chiyambire anali oti akhalitsa. Ndinafunsa mayiwo ngati zikumveka, iwo anaseka: "Amene ali ndi dzenje kuseri kwa nyumba ndimamudziwa pa mwezi woyamba."

Tsopano tiwerengere gululi. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba sitikulosera kanthu, tikungophatikiza: 100, 70, 58, 52, 49 ndi 46 zikukwana malipiro 375. Kugawa ndi nyumba 100, nyumba iliyonse yomwe inalembetsa yalipira miyezi 3.75, ndipo pa K4,000 ndiye K15,000. Imeneyi ndi ndalama yomwe inalowadi.

Zotsalazo ndi kulosera. Ngati nyumba 46 zija zipitirire kutsala pa 94 peresenti, monga momwe zakale zimachitira, malipiro omwe atsala ndi 46 kuchulukitsa ndi 0.94 kugawa ndi 0.06, omwe ndi pafupifupi 721. Pa nyumba imodzi yolembetsa ndi miyezi 7.2, kapena K28,800. Kuphatikiza ndi K15,000 ija tikupeza K43,800.

Taonani tsopano: nambala yadutsa K40,000. Ndi fomula yosakaniza ija bini inali yoluzitsa, ndi ya gulu ikuoneka ngati ikubweza kangachepe. Ndiye ndikanawauza chiyani mayiwo?

## Kwacha ya lero ndi kwacha ya chaka chamawa

Bini mumaigula lero, ndi ndalama ya lero. K43,800 ija imabwera modontha, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu ake amabwera mwezi wachisanu ndi chimodzi utadutsa. Aliyense yemwe anali ndi bizinesi mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, safunika kumuphunzitsa kuti K4,000 ya mtsogolo si K4,000 ya lero. Komanso ndalama ya mabiniyo mayiwo akanaibwereka, ndipo ngongole ili ndi chiwongoladzanja.

Njira yake ndi yochepetsa ndalama iliyonse ya mtsogolo ndi gawo lina pa mwezi uliwonse womwe mwaidikira. Ife tinasankha 2 peresenti pamwezi, titayang'ana zomwe ngongoleyo ikanawadya. Si nambala yochokera kumwamba, n'chifukwa chake mu mojulo ndinaiika poti mwini wake akhoza kuisintha. Malipiro a mwezi woyamba amakhala momwe alili, a mwezi wachiwiri mumagawa ndi 1.02, a mwezi wachitatu mumagawa ndi 1.02 kawiri, choncho basi. Pansipa `margin` ndi phindu la mwezi, `survival` ndi gawo la gulu lomwe linalipira mwezi uliwonse, `r_tail` ndi 94 peresenti ija, ndipo `d` ndi 2 peresenti ya kudikira.

```python
def clv(margin, survival, r_tail, d):
    total = sum(s / (1 + d) ** t for t, s in enumerate(survival))
    last = survival[-1] / (1 + d) ** (len(survival) - 1)
    total += last * r_tail / (1 + d - r_tail)
    return margin * total

clv(4000, [1, .70, .58, .52, .49, .46], 0.94, 0.02)  # 33994
```

Miyezi 3.75 yoyamba ija imatsika pang'ono kufika pa 3.60. Mchira wa miyezi 7.2 ndi womwe umadulidwa kwambiri, kufika pa 4.90, chifukwa uli kutali. Zonse pamodzi ndi miyezi 8.5, yomwe ndi pafupifupi K34,000. Tabwereranso pansi pa K40,000.

Chinandiseketsa n'chakuti K34,000 ili pafupi kwambiri ndi K33,333 ya poyamba ija. Musapusitsike nazo. Zangochitika kuti zolakwa ziwiri zinafafanizana: fomula yosakaniza inachepetsa moyo wa akale, komanso sinachotse za kudikira. Mwezi wina sizingakumane.

Pali kamsampha kena komwe kanandidyera madzulo athunthu pomwe ndinkayesa mojuloyi. Mukafufuza mupeza mafomula awiri ofanana nkhope, ina ndi `m * r / (1 + d - r)`, ina ndi `m * (1 + d) / (1 + d - r)`, pomwe `m` ndi phindu la mwezi ndipo `r` ndi gawo la otsala. Pa manambala athu a 0.88 ndi 0.02, yoyamba imapereka K25,143, yachiwiri K29,143. Kusiyana kwake ndi K4,000 yeniyeni, phindu la mwezi umodzi. Palibe yolakwika. Yoyamba siiwerengera malipiro a lero, yachiwiri imawerengera. Makasitomala a mayiwa amalipira asanatoleredwe zinyalala, ndiye kwa wolembetsa kumene yoyenera ndi yachiwiri. Mayankho anu akasiyana ndi a mnzanu ndi phindu la mwezi umodzi ndendende, musakangane, funsanani tsiku lomwe ndalama yoyamba imalowa.

## Zomwe tinachita ndi mabini aja

Nditawaonetsa mzere wa 100, 70, 58, 52, 49, 46, mayiwo sanafunse za fomula. Anaika chala pakati pa 100 ndi 52.

"Ndiye mabini 48 akanapita ndi anthu awa?"

"Akanapita, mayi."

"Nanga ndikamupatsa atalipira kanayi?"

Funso limeneli ine sindinaliganizire, ngakhale manambala ake anali pamaso panga. Tinawerengera pomwepo. Gulu la nyumba 100 limabweretsa K3,400,000. Kupereka bini pa tsiku lolembetsa ndi K3,500,000 ya mabini kuphatikiza K500,000 ya maejenti, zonse K4,000,000, kuluza K600,000. Kupereka bini pa malipiro achinayi ndi mabini 52 okha, K1,820,000, kuphatikiza K500,000 yomwe ija, zonse K2,320,000. Patsala ndalama yoposa K1,000,000. Ndipo nyumba yomwe yafika mwezi wachinayi, mukaiwerengera payokha kuyambira pamenepo, ili ndi pafupifupi K51,000 kutsogolo kwake kuphatikiza malipiro achinayiwo, ndiye bini ya K35,000 ikupita kwa munthu yemwe aibweza.

Ndinawachenjeza chinthu chimodzi. Mzere umenewu ndi wa anthu omwe analowa popanda lonjezo la bini. Mukalonjeza bini pa mwezi wachinayi, ena adzapirira miyezi inayi chifukwa cha biniyo n'kuchoka wachisanu, ndipo mzerewo udzakhala ndi phompho pamalo pomwe pano palibe. Gulu limodzi la nyumba 100, lomwe linalowa nthawi ya mvula pomwe kuotcha zinyalala kumavuta, silinganene zonse za gulu lolowa mu Ogasiti. N'chifukwa chake mojulo tsopano imasunga gulu lililonse pamzere wake, ndi chizindikiro chosonyeza kampeni yomwe linalowera.

Dashibodi ndinaisinthanso. Nambala yaikulu yobiriwira ija ndinaichotsa. Pamalo pake pali manambala awiri oyandikana: ndalama yomwe gulu labweretsa kale, ndi yomwe tikungoyembekezera, yachiwiriyo mu zilembo zotuwa. Gulu lomwe silinakwanitse miyezi itatu silionetsa `CLV` konse, pamangolembedwa kuti tidikire. Ndipo mu mayeso a pulogalamu ndinaikamo Febuluwale uja momwe analili, nyumba 400, zatsopano 40, zochoka 48, kuti aliyense wodzasintha pulogalamuyo akadzapeza yankho losiyana ndi 0.88, mayesowo akane.

Kope lija mayiwo sanalitaye. Pa 16 mwezi uliwonse amanditumizira chithunzi cha tsamba la maina odulidwa ndi cholembera chofiira, ine n'kuwerenga, n'kuyerekeza ndi zomwe mojulo yapeza. Mwezi watha tinasiyana ndi nyumba imodzi. Inali ya ku Ndirande, yomwe mwana wa eni ake analipira kuchokera ku Joni kudzera kwa ejenti wotumiza ndalama, ndipo kalaliki sanadziwe kuti ndalamayo aikoloweke pa nyumba iti.